Mwezi umene K176,000 inasiya kukwana

Uthenga wa ku banki unandipeza pa Bembeke m'mawa wina wa mu Juni 2022, chifunga chitaphimba msewu, anyamata akukweza matumba a kachewere m'kalole kanga. Unkati ndalama za mu akaunti sizinakwane kubweza ngongole ya mwezi umenewo. Ndinauwerenga kawiri manja akunjenjemera ndi chisanu. Dzulo lake ndinali nditaikamo K177,000, ndipo chibwezereni ngongoleyo banki inkadula K176,000 ndi timakwacha pang'ono pamwamba. Ndinaganiza kuti makina awo alakwitsa.

Kaloleko ndinagula mu Febuluwale chaka chomwecho. Ndi ka matani awiri, kogwiritsidwapo kale ntchito, ndipo ndimanyamulira mbatata, kabichi ndi tomato kuchokera ku Bembeke ndi ku Lizulu kupita ku Lilongwe. Pa ndalama zanga zimene ndinasunga ndinawonjezerapo K6 miliyoni ya ku banki, yobweza kwa miyezi 48, chikole chake kalole komweko ndi kanyumba kathu ka pa Dedza boma. Tsiku losainira anandiuza kuti chiwongoladzanja ndi pafupifupi 18 peresenti pa chaka. Nambala imeneyo ndinaisunga m'mutu ngati mtengo wa thumba la feteleza umene mwagwirizana kale ndi wogulitsa.

Nditatsitsa katundu ndinapita ku banki. Mayi amene amaona za ngongole anatulutsa kalata imene ndinasaina, n'kuloza ndi cholembera pa mzere umodzi wa tsamba loyamba. Panalembedwa kuti `Reference Rate + 6%`.

"Bambo, apa sitinalembe 18 ayi," anatero. "Tinalemba kuti refarensi reti kuwonjezerapo 6. Chathu ife ndi 6 ameneyu, ndipo sanasinthe. Chasintha ndi chinachi."

"Nanga chinacho wasintha ndani, mayi?"

"Banki Yaikulu yakweza polise reti. Mwezi uno mukuyenera kubweza K181,600."

Ndinapereŵera ndi ndalama zosakwana K5,000, koma anandidulanso chindapusa cha kuchedwa. Chindapusacho chinandiwawa, komabe chimene chinandisowetsa tulo n'chakuti ndinasaina pepala la zaka 4 osadziwa kuti mtengo wake umayenda. Kuyambira tsiku limenelo ndinayamba kutsatira nkhani imeneyi mmene ndimatsatirira mtengo wa dizilo, ndipo zimene ndikulemba pano ndi zimene ndinaona pa masitetimenti anga ndi pa akaunti ya amayi anga.

Polise reti ndi nambala imene komiti ya Banki Yaikulu ya Malawi imalengeza ikakumana, kawirikawiri kanayi pa chaka. Munthu wamba sabwereka pa mtengo umenewo, chifukwa Banki Yaikulu ilibe windo la ife ogulitsa mbatata. Makasitomala ake ndi mabanki. Tsiku lililonse ndalama zimatuluka m'banki ina kulowa m'banki ina: boma lalipira aphunzitsi, kampani yagula fodya, wina walipira katundu. Dzuwa likamalowa banki ina imapezeka ili ndi zotsala, ina yapereŵera pa mlingo umene lamulo limafuna. Yopereŵerayo imabwereka kwa inzake usiku umodzi wokha. Ikasowa woibwereka imagogoda ku Banki Yaikulu, komwe imapatsidwa pa mtengo wotchedwa Lombadi reti, umene pa zaka zimenezi unali polise reti kuwonjezerapo 0.2.

Apa ndi pamene pali mphamvu yonse. Banki singavomere kubwereka kwa inzake pa mtengo woposa wa Lombadi, popeza ikudziwa kuti khomo lija lilipo. Nayo yobwereketsa imadziwa kuti mnzakeyo akapanda kutenga kwa iyo akalipira wa Lombadi, ndiye imatchula mtengo woyandikira pamenepo. N'chimodzimodzi pa msika wa Lizulu: wogula wamkulu akakweza mtengo wa thumba m'mawa, pofika masana aliyense wokhala m'mbali mwa msewu wakweza wake, ngakhale amene sanalankhule naye. Polise reti ikakwera, Lombadi imakwera nthawi yomweyo, ndipo mtengo umene mabanki amabwerekana umatsatira m'masiku kapena masabata ochepa.

Kuchokera pamenepo kufika pa kalata yanga pali mlatho umodzi, refarensi reti ija. Isanafike 2019 banki iliyonse inkakhala ndi mtengo wakewake woyambira, ndipo zinali zovuta kudziwa kuti wachokera pati. Kuyambira 2019 mabanki onse amayambira pa nambala imodzi, imene imawerengedwa mwezi ndi mwezi ndipo amailengeza m'nyuzipepala. Imapangidwa posakaniza mitengo inayi: Lombadi reti, imene imatenga gawo lalikulu, mtengo umene mabanki amabwerekana, mtengo umene boma limalipira pa ngongole zake za miyezi yochepa, ndi kachigawo kakang'ono ka chiwongoladzanja cha ndalama zosunga. Pamwamba pake banki imaikapo gawo lake malinga ndi mmene ikumuonera wobwerekayo. Kampani yaikulu imapatsidwa lochepa kwambiri. Ine wa kalole kamodzi ndinapatsidwa 6, ndipo ndikudziwa anzanga amene anapatsidwa loposa pamenepo.

Ndinabwereka pa nthawi imene zinthu zinali phee. Polise reti inali pa 12 peresenti kuyambira kumapeto kwa 2020, refarensi ilinso pafupi ndi 12 pomwepo. Kenako zinayamba kukwera motsatizana. Mu Epulo 2022 polise reti inafika 14, mu Okutobala 18, mu Epulo 2023 inafika 22, mu Julayi 24, ndipo mu Febuluwale 2024 inafika 26. Zonsezi zinachitika pa nthawi imene a Wilson Banda anali gavanala wa Banki Yaikulu. M'kati mwa zaka zomwezo kwacha inachepetsedwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022 ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, namondwe Freddy anawononga mbewu kumwera mu Malichi 2023, ndipo pofika Januwale 2024 mitengo ya zinthu inali ikukwera ndi pafupifupi 35 peresenti pa chaka.

Chinthu chimodzi chimene ndinachiona ndikusunga timapepala ta m'nyuzipepala n'chakuti refarensi siidumpha ulendo umodzi. Polise reti itakwera ndi 4 mu Okutobala 2022, refarensi inakwera kwambiri mwezi wotsatira, n'kukweranso mu Disembala kufika kupitirira pang'ono 17. Chifukwa chake n'chakuti Lombadi imasintha tsiku lomwelo, pamene zinzake zitatu zija zimabwera m'mbuyo pang'onopang'ono. Ndiye munthu akamva pa wailesi kuti akweza, asaganize kuti malipiro a mwezi wotsatira ndiwo omaliza. Pamakhala kotsalira kamene kamafika miyezi iwiri kapena itatu pambuyo pake. Komanso refarensi inkatsalira pang'ono pansi pa polise reti. Polise ili pa 24 refarensi inali kupitirira 23, polise ili pa 26 refarensi inakhazikika cha m'ma 25.

Kwa ine zinayenda chonchi. Mu Disembala 2022 chiwongoladzanja changa chinali chitapitirira 23 peresenti ndipo ndinkabweza pafupifupi K191,000. Chakumapeto kwa 2023 chinali pafupi ndi 30 peresenti, malipiro K206,000. Mu 2024 chinafika 31 peresenti, malipiro n'kukhala cha m'ma K209,000.

Wina angaone manambalawa n'kunena kuti si zambiri: chiwongoladzanja chachoka pa 18 kufika 31 koma malipiro akwera ndi K33,000 yokha. Nanenso ndinkadzitonthoza choncho mpaka usiku wina nditakhala pansi ndi sitetimenti ndi kakyuleta ya pa foni. Malipiro a mwezi ali ndi mbali ziwiri, ina ya chiwongoladzanja, ina yochepetsa ngongole yeniyeniyo. Kuti mupeze mbali ya chiwongoladzanja mumatenga ngongole imene yatsala, n'kuchulukitsa ndi peresenti ya pa chaka, n'kugawa ndi 12. Banki imawerenga ndi masiku, choncho yankho lake limasiyana pang'ono ndi lanu, koma osati kwambiri.

Mwezi wanga woyamba, K6 miliyoni pa 18 peresenti inabala K90,000 ya chiwongoladzanja, ndipo K86,000 yotsalayo inachepetsa ngongole. Patapita zaka 2 ndikubweza mwezi ndi mwezi, ngongole inali itatsika kufika pafupifupi K3.7 miliyoni. Pa 31 peresenti, K3.7 miliyoni imabala K95,500 pa mwezi. Ndinali nditabweza ndalama zoposa K2 miliyoni za ngongole yeniyeni, koma chiwongoladzanja cha mwezi chinali chachikulu kuposa cha tsiku limene ndinayamba. Chikanakhalabe pa 18, ngongole yomweyo ikanabala K55,500. Kusiyana kwake, K40,000 mwezi uliwonse, n'kumene kunali mtengo weniweni wa kukwera kuja. Malipiro anaoneka ngati akwera pang'ono chabe chifukwa ngongole inkatsika nthawi yomweyo, ndiye kukwerako kunabisala m'menemo. Nditawerengera zaka zonse 4, chiwongoladzanja chimene ndinkayembekezera kulipira chinali pafupifupi K2.5 miliyoni, koma chinafika cha m'ma K3.6 miliyoni.

Amene anavutika koposa ine ndi obwera m'mbuyo. Mlamu wanga anafuna kuchita zomwezi mu 2024. K6 miliyoni yomweyo, miyezi 48 yomweyo, pa 31 peresenti malipiro ake amakhala pafupifupi K220,000 kuyambira mwezi woyamba, ndipo K155,000 mwa imeneyo ndi chiwongoladzanja. Kalole kamene ine ndinagula kanali katakweranso mtengo chifukwa cha kwacha. Anawerengera, n'kusiya. Ndiyenera kunena mwachilungamo kuti ichi ndicho cholinga cha Banki Yaikulu pokweza: anthu ndi makampani abwereke mochepa, ndalama zothamangira katundu wochepa zichepe, kufuna madola kuchepe, mitengo ileke kuthamanga. Mlamu wanga kusiya kugula lole ndi mmene mankhwalawo amagwirira ntchito. Funso langa limakhala pa chimanga. Mbali yaikulu ya kukwera mitengo kwathu kuno ndi chakudya, ndipo mvula ikavuta ngati mmene zinalili mu 2024, chiwongoladzanja sichingadzaze nkhokwe. Chimene chingathe ndi kuletsa kuti kukwera kwa chimanga ndi dizilo kusakoke china chilichonse. Ndimazimvetsa, ngakhale mbali ya mtengo wake inatuluka m'thumba mwanga.

Tsopano mbali inayo, imene imandipweteka mtima kuposa ngongole yanga.

Amayi anga amakhala kumudzi pafupi ndi Linthipe. Bambo atamwalira anagulitsa ng'ombe zina, ndipo K800,000 anaiika ku akaunti yosungira ndalama, kuti ikhale ya matenda ndi maliro. Sankaikhudza. Nditamvetsa zimene zinkandichitikira ndinaganiza kuti mwina iwo akupindula, popeza mtengo wa ndalama wakwera ndipo iwo ndi obwereketsa banki. Tinapita limodzi kukatenga sitetimenti kumayambiriro kwa 2024. Akaunti yawo inkabala pafupifupi 4 peresenti pa chaka, osasiyana kwenikweni ndi mmene zinalili ndisanagule kalole. Imeneyo ndi K32,000 pa chaka, asanadule msonkho wa boma ndi zolipira za akaunti.

Tili pa benchi panja anandifunsa kuti, "Mwanawe, paja unkati chiwongoladzanja chakwera. Nanga changachi chakwera pati?"

"Amayi, chakwera kwa obwereka. Kwa inu osunga sichinafike."

"Banki yake si yomweyi?"

Inali yomweyo, ndipo windo limene ine ndinkabwezera pa 31 linali pafupi ndi limene iwo ankalandirira 4. Mitengo ikukwera ndi 35 peresenti, K800,000 yawo pakutha chaka inkagula zimene K600,000 inkagula chaka chathacho. Nambala ya pa pepala inali yomweyo, koma ng'ombe imodzi mwa zinayi inali itachoka m'khola.

Chifukwa choyamba chili m'mapepala amene tinasaina. Langa linamangirira chiwongoladzanja ku refarensi, choncho palibe amene ankafunika kukhala pansi kuganiza zondikwezera. Makina ankachita okha. Pepala la amayi silinamangirire kalikonse. Banki imasankha yokha chimene ipereke, ndipo imakweza pokhapokha ikaopa kuti ndalamazo zichoka. Za amayi sizikanachoka. Banki ina ili kutali, kutsegula akaunti yatsopano n'chintchito, ndipo munthu wa zaka zawo amaika ndalama ku banki poopa akuba ndi moto, osati pofuna phindu. Kuwonjezera apo mabanki ali ndi ndalama zambiri za m'maakaunti a malipiro ndi a makampani zimene sizibala pafupifupi kanthu, choncho sasowa kunyengerera osunga ang'onoang'ono.

Chachiwiri ndi lamulo lakuti pa ndalama zonse zimene anthu aika, banki isunge gawo lina ku Banki Yaikulu osalibwereketsa. Gawo limeneli linali 3.75 peresenti ndikamatenga ngongole, linakwezedwa kangapo kuyambira 2023, ndipo pofika kumapeto kwa 2024 linali 10 peresenti pa ndalama za kwacha. Pa K100 iliyonse ya amayi, K10 inkangokhala osagwira ntchito, ndiye banki inkafuna kuti K90 yotsalayo ilipire zonse. Chifukwa chimenechi n'choona, koma payekha sichingafotokoze phompho la pakati pa 4 ndi 31. Ngongole zosabwezedwa ndi ndalama zoyendetsera nthambi nazonso zimadya gawo lake, ndipo chotsalacho ndi phindu la banki. N'chifukwa chake zaka za chiwongoladzanja chokwera zimakhala zaka zimene mabanki amalengeza phindu lalikulu.

Palinso wobwereka wina wamkulu amene ambirife sitimuganizira, boma. Limabwereka pogulitsa zikalata zotchedwa thirezhale bilu, za masiku 91, 182 kapena 364. Mu 2024 za masiku 91 zinkabala cha m'ma 16 peresenti, za masiku 182 cha m'ma 20, za masiku 364 cha m'ma 26. Banki ikatenga ndalama za amayi pa 4 n'kubwereketsa boma pa 26, sifunika kuyendera lole ya munthu kapena kuopa kuti mbatata zaola. Kuti ibwereketse ine, amene lole ingandithere pa Linthipe usiku, iyenera kufuna zoposa pamenepo. Choncho ngakhale polise reti itatsika, ngati boma likubwerekabe kwambiri pa mtengo wokwera, mbali ina ya refarensi imakanirira m'mwamba ndipo mabanki sakhala ndi changu chofunafuna ife.

Apa m'pamene ndinaphunzira kuti kukwera kwa polise reti kumafika ndithu kwa osunga, koma kwa okhawo amene ndalama zawo zingathe kusamuka. Makampani a penshoni ndi a inshuwalansi amakambirana mtengo ndi banki, chifukwa akakanidwa amakagula zikalata za boma. Munthu wamba khomo lake loyandikira ndi fikisidi dipoziti, pamene mumalonjeza kusakhudza ndalama kwa miyezi imene mwagwirizana. Tinabwereranso m'banki tsiku lomwelo. Atationetsa mitengo yawo ndinafunsa ngati ingasinthe, ndipo ndinatchula kuti ndifunsanso ku banki ina. Tinagwirizana 11 peresenti pa chaka kwa miyezi 6. Tinaikako K600,000, n'kusiya K200,000 pamene amayi angaitenge tsiku lililonse, popeza ukathyola fikisidi nthawi isanakwane umataya chiwongoladzanja chambiri, ndipo matenda sapangana tsiku. K600,000 pa 11 peresenti kwa theka la chaka ndi K33,000, ndipo boma likadulapo msonkho wa 20 peresenti imatsala K26,400. Sizinafike pa kukwera kwa mitengo, sindinganame, koma zinaposa kawiri zimene ndalama yomweyo ikanabala pa akaunti yakale. Fikisidi ilinso ndi mbali ina: mtengo wake umakhala womwewo mpaka tsiku lomaliza, ndiye amene anamanga ndalama kwa chaka chathunthu kumayambiriro kwa 2023 anaonerera mitengo ikukwera iye ali pa wakale. N'chifukwa chake tinasankha miyezi 6.

Pali malo ena kumene nambala ya ku Lilongweyi sifika n'komwe. Mayi a kunyumba kwathu ali m'banki mkhonde, ndipo gulu lawo limabwereketsana pa 20 peresenti pa mwezi. Linkatero polise reti ili pa 12, linkaterobe ili pa 26, chifukwa ndalama zake n'zawo zomwe ndipo mtengo amaugwirizana okha pansi pa mtengo wa mango. Wa katapila nayenso samvera wailesi. Mabungwe ang'onoang'ono obwereketsa amasintha ndithu koma mochedwa, makamaka amene amatenga ndalama zawo ku mabanki, ndipo ambiri amawerengera chiwongoladzanja pa ndalama yonse imene munatenga poyamba, osati pa yotsala. Choncho 5 peresenti pa mwezi ya kumeneko singayerekezedwe mwachindunji ndi 31 pa chaka ya ku banki. Ndi yodula kutalitali. Anthu ambiri a ku Dedza kuno amabwereka m'njira zimenezi, ndipo polise reti imawapeza mozungulira, kudzera mu mtengo umene ine ndimawalipiritsa ponyamula thumba.

Chimene chinasintha pa kachitidwe kanga n'chochepa koma chinandithandiza. Sabata yoyamba ya mwezi ndinkayang'ana refarensi imene yalengezedwa, n'kuwonjezerapo 6 wanga, n'kuwerengera chiwongoladzanja pa ngongole yotsala, kenako n'kufanizira ndi sitetimenti. Mu akaunti ndinkasiyamo K15,000 yapadera kuti chindapusa chisandipezenso. Ndinafunsanso banki chimene imachita mtengo ukakwera, chifukwa mabanki ena sakweza malipiro a mwezi koma amawonjezera miyezi, ndipo munthu amatha kudabwa kumapeto kuti ngongole imene ankati yatha ikadalipo. Yanga inkakweza malipiro.

Nyengo ya mbatata ya 2024 inandiyendera bwino, ndipo mu Ogasiti ndinali ndi K500,000 yapadera. Ndinalingalira zoiika pa fikisidi ngati ya amayi, koma masamu anakana: kumeneko ikanabala 11 peresenti asanadule msonkho, pamene pa ngongole inkandipulumutsa ku 31. Ndinapita kwa mayi aja a ku banki kukafunsa ngati pali chindapusa cha kubweza msanga. Anatsegula kalata yomwe ija, tsamba lachitatu, n'kundionetsa kuti palibe, bola ndilembe kalata yonena kuti ndalamazo zipite ku ngongole yeniyeni osati ku malipiro a miyezi ya m'tsogolo. Ndinailemba pomwepo pa kauntala ndi cholembera chawo. Sitetimenti ya Seputembala itabwera, mzere wa chiwongoladzanja unali utatsika ndi pafupifupi K13,000 kuposa mmene ukanakhalira.